Musanakumbe, Yambani Mwafunsa Mita

Bilu ya madzi ikabwera itakwera katatu, m'nyumba zambiri za m'tauni mumayamba kulozana zala. Ena amaloza wantchito kuti amasiya mpopi wotsegula, ena amaloza ana kuti amasamba mosaganizira za mawa, ndipo pomaliza onse amagwirizana kuti wowerenga mita anangolemba manambala a m'mutu mwake. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma kawirikawiri madziwo amakhala akuthawa usana ndi usiku pamalo amene palibe akuwaona, ndipo mwini nyumba amalipira dontho lililonse. Kupeza malo amenewo ndi luso, ndipo mbali yaikulu ya lusolo sifuna chida chodula. Ifuna maso, khutu, wotchi ndi masamu a kupulayimale. Nayi nkhani ya mtsikana wina wa ku Chilomoni, mu mzinda wa Blantyre, amene analiphunzira kwa amalume ake.

Mtsikanayu anali atalemba mayeso a Folomu 4 ndipo ankangokhala pakhomo. Mayi ake, poona kuti mwana watopa ndi kukhala, anapempha mlongo wawo, amene anakalambira pa ntchito ya upulambala, kuti azimutengako. Masiku oyamba ntchito yake inali kunyamula chikwama cha zipangizo ndi kupatsira sipanala basi. Ndiye tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anaitanidwa kunyumba ya mayi wina wamasiye amene ankakhala ndi zidzukulu zake zinayi.

Mayiyo anawalandira mapepala ali m'manja. Kwa zaka zambiri nyumba yawo inkagwiritsa ntchito mayuniti 14 pamwezi, mwina kuposerapo pang'ono alendo akabwera. Mwezi wa Ogasiti bilu inati 23, ndipo ya Seputembala inati 44. Anali ataitanako kale mnyamata wina, amene anagumula matailosi a kubafa poti khoma linkaoneka lachinyezi, koma sanapezemo kanthu, ndipo analandira ndalama zake n'kumapita.

Mtsikana uja anali atatsitsa kale piki paphewa. "Amalume, tiyambire pati kukumba?"

"Ika pikiyo pansi, mwanawe. Tiye kumita."

Mita inali kumtunda, pafupi ndi geti, ndipo nyumba inali chakumunsi, monga zilili nyumba zambiri za m'mphepete mwa phiri la Michiru. Amalume anapukuta galasi la mitayo ndi chala n'kumuuza kuti awerenge. Panali manambala anayi akuda, 0412, ndi atatu ofiira, 365. Anamufotokozera kuti akuda aja ndiwo mayuniti amene amalembedwa pa bilu. Yuniti imodzi, imene pamita amailemba m³, ndi malita 1,000, kapena kuti ndowa 50 za malita 20. Ofiira aja, pa mita ya mtundu umenewu, ndi malita. Mamita ena amakhala ndi manambala ofiira awiri okha ndi timivi tozungulira, koma mfundo yake ndi yomweyo: akuda amayenda pang'onopang'ono, ofiira amayenda msanga, ndipo wofunafuna kudontha amayang'ana ofiirawo.

Choyamba chimene anachita n'kuyerekeza nambala ya pamita ndi imene inalembedwa pa bilu yomaliza. Ichi anthu ambiri amachidumpha, chikhalirecho n'chosavuta. Mita sibwerera m'mbuyo, choncho ngati bilu yalemba nambala yoposa imene ili pamita lero, ndiye kuti panalakwika polemba, ndipo nkhaniyo ndi ya ku ofesi ya bungwe la madzi, osati ya pulambala. Pano bilu inalemba 398 masiku khumi apitawo, mita n'kumaonetsa 412. Wowerenga mita sanalakwe. Madzi amene kale ankatha mwezi wathunthu anali atadutsa pa masiku khumi okha.

Kenako amalume anamutuma kuti azungulire nyumba yonse n'kutseka mipopi: wa kukhichini, wa kubafa, wa panja pochapira. Ana anauzidwa kuti asagujumule chimbudzi kwa theka la ola. Atabwerako anamuonetsa kanyenyezi kakang'ono kamene kali pakati pa mita, kamene kamazungulira ngakhale madzi akudutsa ochepa kwambiri. Mipopi yonse inali yotseka, koma kanyenyeziko kankazungulira osapuma.

Anakhala pamthunzi wa mpanda, wotchi ya pafoni ikuwerenga. Mphindi 30 zitakwana, manambala ofiira anali atachoka pa 365 kufika pa 386. Amalume anamupatsa kamtengo kuti awerengere padothi. Malita 21 pa theka la ola ndiye kuti 42 pa ola. Kuchulukitsa ndi maola 24, ndi malita 1,008 patsiku. Pa masiku 30, malita amapitirira pang'ono 30,000, amene ndi mayuniti 30. Mtsikanayo anayang'ana pepala la bilu lija: 44 kuchotsa 14 kutsala 30.

"Zafanana, amalume!"

"Eya. Tsono tadziwa kuti ana aja alibe mlandu, ndipo tadziwa kukula kwa chimene tikufuna. Tikapeza kudontha kwa malita awiri, usadzati tamaliza."

Mawu amenewa ndi ofunika kuposa mmene amamvekera. Nyumba yakale sikhala ndi bowo limodzi lokha. Munthu amene sanayeze kuchuluka kwa madzi otayika amakonza kampopi kodontha kamene wakaona koyamba, n'kulandira malipiro, mwezi wamawa bilu n'kubweranso chimodzimodzi. Amene wayeza amakhala ndi nambala m'mutu, ndipo sasiya mpaka zimene wapeza zitakwana pa nambalayo.

Mayeso a mita amenewa ali ndi misampha yake, ndipo amalume anali ataitseka asanayambe. Anafunsa ngati nyumbayo ili ndi thanki yosungira madzi pamwamba, chifukwa thanki ikamadzaza, mita imayenda ngakhale palibe podontha. Chimodzimodzi kathanki ka chimbudzi ngati wina wangogujumula kumene. Anafunsanso ngati madzi anali atasiya m'mawawo, chifukwa madzi akamabwerera, mphepo imene inadzaza m'mapaipi imatha kuzunguza mita kwa kanthawi. Nyumbayi inalibe thanki, inalibe giza, ndipo madzi anali akutuluka bwino kuyambira dzulo lake.

Tsopano inafika nthawi yogawa nyumba. Madzi akachoka pamita amayenda njira imodzi mpaka kukhoma la nyumba, kenako amagawikana kupita kukhichini, kubafa ndi kuchimbudzi. Paliponse pamene pali valavu, mukhoza kudula nthambi imodzi n'kukaona ngati mita yasintha mayendedwe. Pofuna kusataya nthawi, anafupikitsa muyeso kukhala wa mphindi khumi, ndipo pa mphindi khumi mita inkayenda malita asanu ndi awiri.

Anayamba ndi chimbudzi. Amalume anati pa nyumba zimene akhala akuitanidwa, chimbudzi chogujumula ndicho wakuba woyamba kumukayikira, chifukwa madzi ake sagwera pansi poti munthu awaponde. Amangotsetserekera m'mbale n'kupita kudzenje. Mtsikana uja anatseka kavalavu kamene kali pansi pa kathanki, n'kuthamangira kumita. Pa mphindi khumi, malita asanu. Awiri anali atachoka. Malita awiri pa mphindi khumi amamveka ngati nkhani yochepa, koma ndi malita 288 patsiku, ndowa zoposa 14 zothiridwa m'dzenje popanda wozigwiritsa ntchito.

Amalume anavundukula kathankiko n'kumuonetsa njira ziwiri zimene madzi amathawira. Yoyamba ndi pamwamba. M'kathanki muli chibaluni choyandama chimene chimakwera ndi madzi, ndipo chikafika pamlingo wake chimakankha kamphira kotseka madzi olowa. Kamphirako kakatha, kapena mchenga ukakakamira pamenepo, madzi sasiya kulowa, amakwera mpaka kukamwa kwa kapaipi kotayira osefukira. Yachiwiri ndi pansi, pa mphira yaikulu imene imatseka bowo logujumulira. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: tsekani madzi olowa, lembani ndi pensulo pamene madzi alekezera, dikirani theka la ola. Akatsika pansi pa mzerewo, vuto ndi mphira ya pansi. Akapanda kutsika, koma mutatsegula n'kukwera mpaka kusefukira, vuto ndi kamphira ka pamwamba. Njira ina ndi kuthira m'kathanki utoto wa zakudya, kapena tiyi wakuda bii, n'kudikira mphindi 20 osagujumula. Mtunduwo ukaonekera m'mbale, ndiye kuti madzi akudutsa. Pa nyumba iyi madzi anali ndendende pakamwa pa kapaipi kotayira, ndipo kamphira ka pamwamba kanali katauma n'kung'aluka.

Mtsikanayo anasangalala, koma amalume anangomufunsa kuti, "Asanu aja ali kuti?"

Kunja kwa khoma la kukhichini, pamene paipi imatuluka m'dothi n'kulowa m'nyumba, panali valavu ya chigudumu chofiira. Valavu imeneyi ndiyo imagawa nkhani yonse pawiri. Mukaitseka mita n'kuima, kudontha kuli m'nyumba, m'makoma kapena pansi pa simenti. Mukaitseka mita n'kumayendabe, kudontha kuli panja, pakati pa mita ndi nyumba. Koma mavalavu akale ena amaoneka otseka pamene akudutsitsabe madzi, choncho amalume atatseka anamuuza kuti akatsegule mpopi wa kukhichini. Unatuluka timadzi tochepa n'kuuma, kusonyeza kuti valavuyo yagwiradi. Kumita, kanyenyezi kankazungulirabe, malita asanu pa mphindi khumi, osachepa ngakhale pang'ono.

Mayi wa nyumba uja anagwira pakamwa. Matailosi a kubafa aja anagumulidwa pachabe. Chinyezi cha pakhoma chinali cha madzi osamba amene ankalowa m'ming'alu ya pakati pa matailosi, ndipo chinalibe chochita ndi mita. Kutseka valavu imodzi kwa mphindi khumi kukanapulumutsa khomalo. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene mwini nyumba aliyense ayenera kuumitsa mtima: pulambala amene wafika n'kupempha hamala asanapite kumita, muuzeni adikire kaye. Ndipo ngati nyumba yanu ilibe valavu pakhoma, muikitseni, chifukwa popanda iyo palibe angakuuzeni motsimikiza ngati vuto lili m'kati kapena panja.

Kuchoka pamita kufika pakhoma panali mtunda wa mamita 22. Funso linali loti, paipi inadutsa pati? Palibe anali ndi mapu. Amalume anaima pamita n'kuyang'ana valavu ya pakhoma, nati okumba ngalande sakonda kukhota popanda chifukwa, choncho tiyambe ndi mzere wowongoka. Anafunsanso mayi uja ngati pali chimene chinamangidwa kapena kudzalidwa pamzerewo. Mayiyo anakumbukira kuti chakumayambiriro kwa Ogasiti lole ya mchenga inalowa pageti n'kubwerera chammbuyo mpaka pakati pa bwalo. Amalume anangogwedeza mutu.

Mwezi wa Okutobala ndi wabwino pa ntchito imeneyi, chifukwa dothi lonse limakhala louma ndipo chinyezi sichibisika. M'nyengo ya mvula maso sathandiza kwenikweni. Mtsikana uja anayenda pamzerewo pang'onopang'ono. Kapinga yense anali wofiirira, wothetheka akamupondaponda, koma chakumunsi, mamita ngati asanu ndi limodzi kuchoka pakhoma, panali kachigawo kobiriwira kukula ngati mphasa. Bonongwe anali atamera pamenepo mwezi umene bonongwe samera yekha, ndipo nkhuku zinali zitapalasapo. Anagwada n'kukanda ndi chala. Pansi pa fumbi dothi linali lakuda, lozizira, lomata m'zikhadabo.

"Ndapapeza, amalume! Ndi apa!"

"Wapeza pamene madzi atulukira. Pamene achokera sunapapeze."

Anamufotokozera chifukwa chake. Ngalande imene munakwiriridwa paipi, ngakhale papite zaka makumi atatu, dothi lake silibwerera kulimba ngati la m'mbali mwake. Madzi akatuluka pabowo amatsata dothi lofewalo, kutsetsereka m'mphepete mwa paipi, mpaka atakumana ndi mwala kapena dongo lowakakamiza kukwera pamwamba. Pamalo otsetsereka ngati awa, kudontha kumakhala chakumtunda kwa pamene panyowa, nthawi zina patali ndithu. Wokumba pobiriwira amapeza matope ndi paipi yabwinobwino, ndiye amayamba kukumba uku ndi uku mpaka bwalo lonse litasanduka munda.

Apa amalume anatulutsa sikuludiraiva yaitali ya chigwiriro chamtengo. Anagunditsa nsonga yake pa paipi ya pamita, chigwiriro n'kuchikanikiza pa kafupa ka kutsogolo kwa khutu, n'kutseka khutu linalo ndi chala. Anamupatsa mtsikanayo kuti ayese. Poyamba sanamve kanthu koma minibasi za pamsewu ndi wailesi ya oyandikana nawo. Amalume anamuuza kuti asiye kupuma kwa kanthawi. Ndiye anaimva, kaphokoso kopyapyala koti siii, kosadukiza, kochokera m'chitsulo momwemo.

"Ukudziwa bwanji kuti ndi kudontha?" anamufunsa. Mtsikanayo anasowa choyankha. Amalume anatseka valavu yaikulu ya pamita iye akumvetserabe, ndipo kaphokosoko kanazilala mpaka zii. Atatsegula kanabwerera. Phokoso la msewu kapena la makina silingasiye chifukwa choti mwatseka madzi. Limene lasiya ndi la madzi.

Madzi opanikizika akamatuluka pa kabowo amanjenjemeretsa paipi, ndipo kunjenjemerako kumayenda m'chitsulo mtunda wautali, kukucheperachepera. Ndiye mukamvetsera mbali zonse ziwiri, kumene kukumveka kwambiri ndi kumene kuli pafupi. Njira imeneyi ili ndi malire ake. Mapaipi apulasitiki, akuda aja ngakhale otuwa, amameza phokoso, moti mukhoza kuima pafupi ndi bowo osamva kanthu. Bowo lalikulu kwambiri nalonso nthawi zina limalira motsika kuposa laling'ono, ndipo madzi akakhala ofooka m'paipi phokoso limachepa. N'chifukwa chake odziwa amakonda kumvetsera usiku kapena m'bandakucha, pamene msewu uli zii komanso madzi ali ndi mphamvu poti anthu ambiri atseka mipopi. Mwayi wa tsikuli unali woti paipi ya nyumbayi inali yachitsulo, ya hafu inchi. Mtsikana uja anamvetsera pamita, anamvetsera pavalavu ya pakhoma, nati sakutha kusiyanitsa. Amalume anati yankho limenelo ndi labwino, likutanthauza kuti tiyang'ane chapakati.

Kenako anamupatsa chinthu chimodzi chimene munthu sangachione ndi maso. Mapaipi achitsulo amagulitsidwa m'zidutswa za mamita asanu ndi limodzi, ndipo zidutswazo amazilumikiza ndi soketi. Kuti paipi ilowe mu soketi, kumapeto kwake amazokotako mizere yomangira, imene mapulambala amaitcha matiredi. Pozokotapo amachotsa chikutiro chotuwa chimene chimateteza chitsulo ku dzimbiri, komanso chitsulocho chimapyapyala. Choncho paipi yachitsulo ikamakalamba m'dothi, kawirikawiri imayambira pamenepo kudyeka, ndipo chinthu cholemera chikapondapo, ndi pamenepo pamene imathyokera.

Mtsikanayo anakhala chete, kenako anatenga tepi yoyezera. Ngati okumba anayamba ndi chidutswa chathunthu kuchokera pamita, ndiye kuti zolumikizira zili pa mamita 6, pa 12 ndi pa 18. Pobiriwira paja panali pa 16. Pa 18 ndi kumunsi kwake, ndipo madzi sakanakwera okha kubwerera kumtunda. Pa 6 ndi pafupi kwambiri ndi mita, phokoso likanamveka kwambiri mbali imeneyo. Anayeza mamita 12 n'kuzika kamtengo. Panali pakati pa bwalo, pamene mayi uja anati lole inaima.

Amalume sanamuyamikire, komanso sanamutsutse. Anatenga chitsulo cha konkire chosongola kunsonga n'kumuuza kuti azichizika pambali pang'ono pa mzere wa paipi, sitepe iliyonse, mosamala, kuyambira pobiriwira kukwera kumtunda. Pa 15, pa 14 ndi pa 13 chinkalowa mofewa n'kutuluka ndi matope kunsonga. Pa 12 chinangomira chokha, ndipo atachizula, madzi anabwera m'kabowomo. Pa 11 chinakana kulowa, chinatuluka ndi fumbi lofiira. Malire a chinyezi chakumtunda ndiwo amaloza bowo.

Asanakumbe, amalume anafunsa ngati pali waya wa magetsi wokwiriridwa wopita kugeti kapena kunyumba ya kuseri. Funso ili silidumphidwa, chifukwa piki, matope ndi magetsi zikakumana munthu amafa. Panalibe. Tsopano mtsikana uja analoledwa kugwira piki yake, koma ya dothi la pamwamba lokha. Atafika pofewa anasinthira fosholo, kenako manja, kuopa kuboola paipi pena. Atakumba kuya ngati kufika m'bondo, dzenje linayamba kudzaza. Anakapa madziwo ndi chigubu chodula, ndipo apo inaonekera soketi, yotupa ndi dzimbiri lofiira ndi lakuda. M'mphepete mwake, chakunsi, kamtsinje ka madzi kopyapyala ngati singano kankathovoka mwamphamvu, ndipo kanali katakumba kaphanga kosalala m'dothi, timiyala take titatsukika mbee. Kabowo kameneko, koti mutu wa machesi sungalowe, ndiko kankataya malita 720 patsiku.

Mayi uja anafunsa ngati sangangomanga ndi mphira ya chubu cha njinga, monga amachitira ambiri. Amalume anati mphira ndi yogonera usiku umodzi podikira kuti kuche, osati yokwirira. Ndipo anawonjezera chifukwa china chimene anthu ambiri sachiganizira. Madzi akakhala ndi mphamvu, bowo limatulutsa. Koma madzi akasiya, paipi imatsala yopanda kanthu ndipo imatha kuyamwa, ndiye matope ozungulira bowolo amalowa m'kati. Madzi akabwerera, zonsezo zimafika mu ndowa ya kukhichini. Pabwalo pamene pali chimbudzi chokumba kapena ngalande ya madzi oipa pafupi, imeneyo ndi njira ya matenda otsegula m'mimba, kolera ali m'gulu lomwelo. Anafunsa ngati madzi amayamba kutuluka ofiira akakhala kuti anasiya. Mayiyo anavomera.

Uphungu wa amalume unali woti paipi yonseyo yatopa, ndipo mankhwala enieni n'kuika yatsopano yapulasitiki yakuda, imene imabwera yokulunga ndipo imatha kuyenda kuchokera pamita kufika pakhoma popanda cholumikizira chokwiriridwa. Ananena mosabisa kuti zolumikizira za pa 6 ndi pa 18 ndi za msinkhu womwewo. Koma mayi wamasiye amene ali ndi bilu ya mayuniti 44 m'manja sakanakwanitsa mwezi umenewo, choncho anagwirizana zokonza pamalopo kaye.

Anatseka madzi pamita, anakulitsa dzenje kuti zida zizitha kuzungulira, ndipo anadula ndi sowo mbali zonse ziwiri mpaka pamene chitsulo chinali chochindikala bwino. Anazokota matiredi atsopano, n'kuikapo kachidutswa katsopano ndi soketi mbali imodzi, yuniyoni mbali inayo. Yuniyoni ndi yofunika chifukwa paipi yokwiriridwa mbali zonse simungaizunguze, ndiye pamafunika cholumikizira chimene chimamangika chokha pakati. Mtsikanayo anapatsidwa ntchito yokulunga tepi yoyera pa matiredi. Amalume anamuonetsa kuti tepi imakulungidwa motsata mbali imene soketi izungulire polowa, apo ayi soketiyo imaimasula n'kuiunjika kunja. Kenako anasintha kamphira ka m'chimbudzi kaja n'kutsitsa chibaluni kuti madzi azilekezera chala chimodzi kapena ziwiri pansi pa kapaipi kotayira.

Atatsegula madzi, anayamba atsegula mpopi wa panja kuti mphepo ndi zinyalala zituluke mpaka madzi atayera. Mtsikana uja anatenga fosholo kuti akwirire, koma amalume anamugwira dzanja. Anapukuta zolumikizira zonse ndi nsanza youma, n'kuzikulunga ndi pepala la nyuzi kuti dontho lililonse lioneke. Anadikira kathanki ka chimbudzi kadzaze, anatseka mipopi yonse, n'kubwerera kumita kukabwereza muyeso woyamba uja wa mphindi 30. Nambala imene anayamba nayo ndi imene anamaliza nayo, ndipo pepala linali louma. Apo ndi pamene anakwirira, kuyamba ndi dothi losefa lopanda miyala mozungulira paipi, n'kumapondaponda pang'onopang'ono. Amalume anauza mayiyo kuti lole isadzalowenso pamzere umenewo.

Anawasiyiranso ntchito ya usiku. Mita ili ndi malire ake, madzi akamadutsa ochepetsetsa, mamita ena, makamaka okalamba, sawamva bwino pa nthawi yochepa. Choncho anawauza kuti awerenge manambala ofiira pogona, onse atamaliza za kuchimbudzi, n'kuwerenganso m'mawa wina asanatsegule mpopi. Mdzukulu wamkulu, wa Sitandade 7, ndiye anapatsidwa kope ndi pensulo.

Pobwerera, mtsikanayo anafunsa za madzi amene ankayenda m'ngalande ya m'mphepete mwa msewu, kutali ndi nyumba iliyonse. Amalume anati amenewo mita ya munthu siwaona, chifukwa akutayika asanafike pamita. Paipi ya kumsewu mpaka pamita ndi ya bungwe la madzi, ndipo pulambala wamba saloledwa kuigwira kapena kumasula mita. Chimene munthu angachite n'kukanena msanga. Kuchokera pamita kulowa pabwalo, paipi ndi yanu ndipo bilu ndi yanu. Koma madzi otayika mbali iliyonse ndi amodzi. Ambiri mwa madzi a mu Blantyre amatungidwa mu mtsinje wa Shire ku Walker's Ferry, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40, n'kukankhidwa ndi mapampu a magetsi kukwera mapiri mpaka kufika mu mzinda. Madzi oyenda ulendo woterowo n'kudzathera kuthirira bonongwe pabwalo, pamene mpopi wa wina kumtunda uli gwa, ndi nkhani yowawa.

Milungu ingapo itapita, anaitanidwa kunyumba ina ku Ndirande. Amalume anali ndi ntchito ina yoti amalize, ndiye anamutsogoza yekha ndi sikuludiraiva, kope ndi foni. Pamene ankafika anapeza atalemba kale kuti mita ikuyenda malita atatu pa mphindi khumi, kuti valavu ya pakhoma ikatsekedwa imaima, ndiponso kuti chimbudzi chilibe mlandu. Kunatsala kukhichini ndi kubafa, ndipo palibe chimene chinali chitagumulidwa.

Inu amene muli ndi mpopi pakhomo, musadikire bilu kuti ikudzidzimutseni. Usiku uno, onse akagona, tengani tochi mukalembe manambala a pamita, akuda ndi ofiira omwe, ndipo mawa m'mawa mukawerengenso wina asanatsegule mpopi. Ngati asintha, tsekani valavu ya pakhoma, muyezenso kwa mphindi khumi, ndipo pulambala akabwera mumupatse manambalawo asanagwire piki.